Manotsi ndimawerenga, koma pa mayeso zonse zimathawa: makadi ndipange bwanji?

*Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri pa koleji ya unamwino kuno ku Mulanje. Manotsi ndimalemba onse, ndimawawerenga mpaka usiku, mwina katatu kapena kanayi, ndipo powerengapo zonse ndimaziona ngati ndazidziwa. Koma pepala la mayeso likabwera, mutu umangouma. Phunziro la matenda a ana ndalakwa, ndipo sapu ndilemba pakatha milungu 6. Mnzanga anandiuza za makadi, ndinayesa, koma ndinangopezeka ndakopera manotsi omwewo pa timapepala ting'onoting'ono. Ndithandizeni, makadiwa amapangidwa bwanji?*

Achemwali,

Vuto si mutu wanu. Vuto ndi ntchito imene mwakhala mukuupatsa mutuwo. Munthu akamawerenga tsamba lomwelo kachitatu, maso amazolowera mawu, ndiye mtima umati "izi ndikuzidziwa." Kumeneko ndi kuzindikira chinthu chili pamaso panu. Mayeso safunsa zimenezo. Amafuna kuti mutulutse chinthucho m'mutu mwanu pepala lili loyera. Zili ngati kukumana ndi munthu pa msika wa Chitakale: nkhope mwaidziwa bwinobwino, mwapatsana moni, koma wina akati "amenewo ndani?" dzina silibwera. Manotsi anu mumawadziwa nkhope. Kadi ntchito yake ndi kukufunsani dzina tsiku ndi tsiku mpaka lizibwera lokha.

Zimenezi zinayesedwa. Mu 2006, akatswiri awiri a ku Amerika, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira ndime yoti aphunzire. Gulu lina linangoibwereza kuwerenga, gulu lina linawerenga kamodzi kenako n'kumayesa kulemba zimene likukumbukira osayang'ana. Atawayesa patangopita mphindi 5, obwereza kuwerenga aja ndi amene anakhoza bwino. Patapita mlungu umodzi zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61 pa 100 iliyonse, owerenga aja pafupifupi 40. Ndakuuzani izi chifukwa cha mbali yoyambayo. Kuwerenga mobwereza kumakomadi usiku womwewo, n'chifukwa chake kumanamiza anthu akhama ngati inu. Kudziyesa kumawawa, mumadziona ngati mbuli, koma ndi kumene kumatsala m'mutu.

Tiyeni titenge tsamba limodzi la phunziro lomwe lakuvutanili, tiligawe limodzi. Ndasankha la mwana wotsegula m'mimba amene madzi achepa m'thupi, monga mmene IMCI, ndondomeko yoyezera ndi kuthandiza ana odwala, imaphunzitsira, chifukwa ndikudziwa kuti lili m'kope lanu, ndipo nyengo ya mvula ikafika ana otere mudzawapeza mu wodi. Makadi anu mudzalemba m'Chingerezi popeza mayeso amabwera m'Chingerezi, koma pano ndiwalemba m'Chichewa kuti kapangidwe kake kaoneke bwino. Manambala onse muwatsimikize ndi manotsi a alekichala anu musanawalembe pa kadi, chifukwa cholakwika chikalowa pa kadi mudzachiloweza bwino kwambiri.

Musanadule pepala lililonse, werengani tsambalo kamodzi modekha, mutseke kope, mudzifotokozere nokha mokweza nkhani yake. Pa tsamba ili nkhani yake ndi yotere: timamuyang'ana mwana pa zinthu zinayi, mmene akuonekera, maso ake, kamwedwe kake ndi khungu lake tikalitsina. Kuchokera pamenepo timamuika m'gulu limodzi mwa magulu atatu, la madzi osachepa, la madzi ochepa pang'ono kapena la madzi ochepa kwambiri, ndipo gulu lililonse lili ndi chithandizo chake, Pulani A, B ndi C motsatana. Ngati simungathe kunena zimenezi m'mawu anuanu, nthawi ya makadi sinakwane. Pitani kwa alekichala kapena kwa mnzanu amene anamva, akufotokozereni kaye. Kadi silimvetsetsa m'malo mwa munthu, limangosunga chimene chamveka kale.

Tsopano kadi limene ndikukhulupirira kuti munapanga linali lotere. Kutsogolo munalemba "Kuchepa kwa madzi m'thupi," kumbuyo munadzaza zizindikiro zonse, magulu onse, mapulani onse, zilembo zing'onozing'ono mpaka m'mphepete. Kadi lotere lili ndi matenda awiri. Loyamba, kutsogoloko kulibe funso, ndiye mutu sudziwa chimene ukufunsidwa, mumangotembenuza n'kuyamba kuwerenga. Lachiwiri, mukatembenuza simungathe kuweruza ngati mwakhoza kapena mwalakwa. Mwakumbukira zinthu zisanu mwa khumi ndi ziwiri, ndiye tinene kuti mwadziwa? Ophunzira ambiri amati "eya, zinazo ndinangoiwala pang'ono," n'kuliika pambali. Zimene anaiwala pang'onozo ndi zomwe zimawagwetsa.

Lamulo lake ndi ili: kutsogolo funso limodzi lomveka, kumbuyo yankho limodzi lalifupi loti munganene ndi mpweya umodzi, ndipo mukatembenuza muzitha kunena mosakayika kuti ndakhoza kapena ndalakwa. Onani mmene tsamba lija ligawikira.

Kadi loyamba, kutsogolo: "Pamafunika zizindikiro zingati kuti mwana aikidwe m'gulu la madzi ochepa kwambiri?" Kumbuyo: "Ziwiri mwa zinayi." Basi. Likuoneka laling'ono, koma ophunzira amalakwa pomwepa, amaganiza kuti mpaka zonse zinayi zioneke.

Zizindikirozo musaziloweze ngati mndandanda umodzi wautali poyamba. Zigawireni malinga ndi chimene chikuyang'anidwa. "Kamwedwe ka mwana amene madzi achepa kwambiri n'kotani?" Yankho: "Akulephera kumwa, kapena akumwa movutikira." Kadi lina: "Kamwedwe ka mwana amene madzi achepa pang'ono n'kotani?" Yankho: "Ali ndi ludzu, akumwa mwaphuma." Lina: "Mwatsina khungu la pamimba. Likabwerera motani ndiye kuti madzi achepa kwambiri?" Yankho: "Mochedwa kwambiri, kupitirira masekondi 2." Chimodzimodzi maonekedwe: wa gulu loopsa ndi wolefuka kapena wokomoka, wa gulu lapakati ndi wosakhazikika, wongoliralira. Makadi amenewa akakhazikika, mutha kuwonjezera limodzi lofunsa zonse zinayi pamodzi, chifukwa pa mayeso amatha kunena kuti tchulani zinayi. Koma limenelo libwere pomaliza, zidutswa zake zitadziwika kale, ndipo kutsogolo mulembe kuti n'zinayi kuti muzitha kuwerenga ndi zala.

Apa pali kadi limodzi limene m'manotsi simudzalipeza, koma ndi lamtengo kuposa ena aja. Mukaika magulu awiriwa pafupi, muona kuti maso olowa m'kati akupezeka konsekonse. Ndiye funso lake: "Ndi chizindikiro chiti chimene chili m'magulu onse awiri, moti pachokha sichingakuuzeni gulu?" Yankho: "Maso olowa m'kati." Funso lotere limabadwa munthu akakhala pansi n'kumadzifunsa kuti kodi ine ndimasokoneza chiyani ndi chiyani. Paliponse pamene zinthu ziwiri zikufanana, pangani kadi lozisiyanitsa. Olemba mayeso amakonda malo omwewo, ndipo mu wodi ndi momwemonso m'mene anthu amaphonya.

Tifike pa manambala, pamene ndikuganiza kuti m'pamene mutu unkaumira. M'manotsi muli mzere wakuti pa Pulani B mwana amapatsidwa madzi a ORS, aja timati Thanzi, mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, m'maola 4. Mzere umodziwu uli ndi makadi atatu. La kuchuluka: "Pulani B: mamililita angati pa kilogalamu?" Yankho: 75. La nthawi: "Pulani B: amwe m'maola angati, ndipo kenako mumatani?" Apa ndalola zinthu ziwiri chifukwa zimayendera limodzi: "Maola 4, kenako kumuyezanso ndi kumuikanso m'gulu." Lachitatu ndi lowerengetsera: "Mwana wa makilogalamu 8, madzi achepa pang'ono. Amwe ORS wochuluka bwanji?" Kumbuyo: "75 × 8 = 600, mamililita 600 m'maola 4." Koma kadi lowerengetserali lili ndi msampha. Mukalibwereza kangapo, mudzaloweza kuti 8 ndi 600, osawerengetseranso. Choncho kulemera kwa mwanako mulembe ndi pensulo, ndipo nthawi iliyonse mukalikhoza mufufute mulembe nambala ina, lero 6, ulendo wina 11. Kumbuyo kukhale njira yowerengetsera yokha.

Pulani C ndi yomwe imafuna chisamaliro kwambiri, chifukwa muli manambala ofanana okhala moyandikana. Madzi a m'diripi onse ndi mamililita 100 pa kilogalamu, ogawidwa pawiri, 30 kenako 70. Kugawaku n'kofanana kwa ana onse. Chimene chimasintha ndi nthawi. Khanda losakwana miyezi 12 limalandira gawo loyamba mu ola 1, lachiwiri m'maola 5. Mwana wa miyezi 12 mpaka zaka 5 amalandira gawo loyamba m'mphindi 30, lachiwiri m'maola awiri ndi theka. Mukalemba zonsezi pa kadi limodzi, pa mayeso mudzakumbukira kuti panali 30 penapake, koma osadziwa ngati ndi mamililita kapena mphindi. Ndiye lekanitsani. Kadi limodzi lifunse madzi onse pa kilogalamu. Lina lifunse kagawidwe, 30 ndi 70. Lina lifunse nthawi za khanda. Lina nthawi za wamkuluko. Kenako kadi losiyanitsa lija: "Pa Pulani C, msinkhu wa mwana umasintha chiyani, kuchuluka kwa madzi pa kilogalamu kapena nthawi?" Yankho: "Nthawi yokha. Khanda maola 6 onse pamodzi, wamkuluko maola 3."

Pamwamba pa zonsezi pakhale kadi la nkhani, lolembedwa ngati mmene mwana amafikira pa chipatala. "Mwana wa miyezi 9, makilogalamu 7, watsegula m'mimba masiku awiri. Ndi wolefuka, akulephera kumwa, maso alowa. Gulu liti, pulani iti, madzi ochuluka bwanji?" Poyankha mukhale ndi kapepala. Zizindikiro zoopsa zapitirira ziwiri, ndiye madzi achepa kwambiri, Pulani C. Madzi onse ndi 100 × 7 = 700. Gawo loyamba 30 × 7 = 210 mu ola 1, chifukwa sanakwane miyezi 12. Gawo lachiwiri 70 × 7 = 490 m'maola 5. Kadi lotere laphwanya lamulo la yankho limodzi, ndipo ndalilola dala. Pa mutu uliwonse pakhale limodzi kapena awiri okha, ntchito yake ndi kulumikiza zidutswa zija kuti zisakhale zomwazikana m'mutu. Mukalakwa, funsani kuti ndaphonyera pati. Ngati ndi pa nthawi ya khanda, kadi laling'ono la nthawi lija ndi limene libwerere kumayambiriro.

Musaiwale makadi a "chifukwa chiyani" ndi a "bwanji ngati." Mwana akasanza ali pa Pulani B mumatani? Mumadikira mphindi 10, kenako n'kupitiriza kumumwetsa pang'onopang'ono. Ndi mwana wotani amene kutsina khungu kungakunamizeni, ndipo samathamangitsidwira madzi motere? Wonyentchera kwambiri, amene ali ndi ndondomeko yakeyake. Mafunso otere ndi amene amasiyanitsa namwino ndi munthu wongoloweza, ndipo nthawi zambiri alekichala amawanena pakamwa osalemba pa bolodi. Mukawamva m'kalasi, ikani chizindikiro m'mphepete mwa kope kuti madzulo lisanduke kadi.

Mukawerenga, tsamba limodzili latipatsa makadi pafupifupi 20. Sikuti chiganizo chilichonse cha m'manotsi chisanduke kadi ayi. Mawu oyamba a phunziro, mbiri yake, zitsanzo zimene alekichala anapereka kuti mumve, ndi zinthu zimene mumazidziwa kale, zisiyeni m'kope. Tengani mapepala a mayeso akale a phunziroli muone mtundu wa zimene amafunsa, ndipo pa mfundo iliyonse dzifunseni kuti, kodi ichi ndingafunsidwe, kapena ndingachifune nditaima pa bedi la mwana? Ngati ayi, chidutseni. Wophunzira amene ali ndi makadi 600 a phunziro limodzi amawasiya mlungu wachiwiri.

Za zipangizo sizivuta. Pepala la A4 mukalipinda katatu limatuluka timakadi 8. Pepala la manila ndi labwinopo chifukwa inki sionekera kuseri. Ngati mukugwiritsa ntchito pepala wamba, yankho mulembe ndi pensulo, apo ayi maso adzaba yankho musanaganize. Pakona ya kadi lembani mutu ndi tsamba la kope pamene mfundoyo yachokera, kuti mukakayika mubwerere msanga. Ndipo muwasunge m'kajumbo, chifukwa chiperoni cha kuno chikagwa masiku atatu mapepala amanyowa okha m'chikwama, pensulo n'kuyamba kufufutika.

Kupanga makadi ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi nthawi yowabwereza. Hermann Ebbinghaus, wa ku Jeremani, anaonetsa kale mu 1885 kuti chinthu chatsopano chimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Ndiye kadi latsopano limafuna kuonedwa pafupipafupi, ndipo likayamba kukhazikika mipata yake italike. Njira yosavuta yochitira zimenezi ndi ya Sebastian Leitner, mtolankhani wolemba za sayansi amene anaifalitsa ku Jeremani mu 1972. Iye ankagwiritsa ntchito bokosi la zipinda. Inu tengani maenvelopu atatu, mulembepo 1, 2, 3.

Kadi lililonse latsopano limayambira mu 1, ndipo envelopu imeneyi mumaitsegula tsiku lililonse. Mukalikhoza limapita mu 2, imene muzitsegula Lachiwiri ndi Lachisanu. Mukalikhozanso kumeneko limapita mu 3, ya Lamlungu lokha. Mukalakwa kadi lililonse, ngakhale linali mu 3, limabwerera mu 1. Phindu la njirayi ndi lakuti nthawi yanu yambiri imathera pa zimene zikukuvutani, pamene powerenga kope mumathera nthawi yofanana pa zimene mukudziwa ndi zimene simukudziwa.

Kayankhidwe kake ndi pamene ndikupemphani kuti mukhale wouma mtima. Werengani funso, yankhani mokweza kapena lembani pa kapepala, kenako ndiye mutembenuze. Kungoganiza mumtima kuti "aa, ichi ndikuchidziwa" n'kutembenuza, ndi kuwerenga kuja kwabweranso. Yankho likakana kubwera, limbanani nalo masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono musanagonje, chifukwa kufunafunako ndi kumene kumalimbitsa chikumbumtima. Mukanena 70 pamene yankho ndi 75, mwalakwa. Mukanena nambala yolondola koma osatchula kuti ndi pa kilogalamu, mwalakwanso. Pa mankhwala a mwana palibe "ndinatsala pang'ono." Kadi limene mwalakwa muliike pansi pa mulu kuti mukumane nalonso musanadzuke, koma likhalebe mu 1 mpaka mawa. Ndipo tsiku lililonse sakanizani makadiwo. Akamabwera mu ndondomeko imodzimodzi, mutu umaloweza kuti pambuyo pa ili pamabwera lakuti, ndiye mumayankha musanawerenge funso. Mitu inanso ikalowa, monga chibayo ndi malungo, isakanizeni mu envelopu imodzi. Pa mayeso mafunso sabwera atasanjidwa ngati m'kope.

Pali zizindikiro zokuuzani kuti kadi ndi lodwala. Mukalilakwa kanayi kapena kasanu motsatizana, musalimbane nalo, vuto ndi kalembedwe kake. Mwina likufunsa zinthu ziwiri, ligaweni. Mwina likufanana ndi lina, pangani losiyanitsa. Mwina mfundoyo simunaimve, bwererani ku kope. Chizindikiro china ndi chakuti mukuliyankha mutangoona mawu awiri oyamba kapena banga la tiyi limene lili pakona. Pamenepo mwaloweza kadi, osati mfundo. Lilembeninso ndi mawu ena, kapena mupatse mnzanu wa mu hositelo akufunseni m'mawu ake. Ndiponso makadi a munthu wina musakopere. Kusankha funso ndi kulilemba ndi mbali ya kuphunzira kumene, ndipo mnzanuyo amasokoneza zinthu zina, osati zimene mumasokoneza inu.

Ngati muli ndi foni ya Android, pali pulogalamu yaulere yotchedwa AnkiDroid imene imawerengera yokha tsiku loti kadi libwerenso, ndipo imagwira ntchito popanda bandulo. Ndi yabwino makadi akachuluka. Koma pa milungu imene mwatsala nayoyi ine ndikanakonda mapepala. Safuna kutchaja magetsi akazima, mulibe mauthenga okusokonezani, ndipo mumatha kuyala makadi a Pulani B ndi C pa bedi n'kuwayerekeza ndi maso.

Dziwaninso malire ake. Makadi adzakuuzani kuti khungu likachedwa kupitirira masekondi 2 ndi zoopsa, koma sadzaphunzitsa zala zanu kutsina pamalo oyenera, pakati pa mchombo ndi m'mbali mwa mimba. Zimenezo ndi za mu wodi. Sadzakuphunzitsaninso kulemba yankho lalitali la mamalikisi 20 m'nthawi yake. Choncho kamodzi pa mlungu tengani funso la mayeso akale, tsekani zonse, ikani wotchi, mulembe yankho lonse. Pomaliza yerekezani ndi manotsi, ndipo chilichonse chimene mwasiya chisanduke kadi latsopano.

Milungu 6 muigawe motere. Inayi yoyambirira, tsiku lililonse tengani masamba ochepa a kope mupange makadi atsopano 10 mpaka 15, osapitirira, chifukwa lililonse limene mwapanga lero lidzafuna nthawi yanu mawa ndi mkuja. Yambani ndi mitu imene inakugwetsani pa pepala lija, osati tsamba loyamba la kope. Kubwereza kuzichitika kupanga kusanayambe, mphindi 20 kapena 30 m'mawa, ndipo mukaona envelopu 1 yatupa kupitirira makadi 40, tsiku limenelo musapange atsopano. Kamulu kena muziyenda nako m'thumba, mumakatha muli m'minibasi pakati pa Limbuli ndi boma. Mlungu wachisanu makadi atsopano azichokera pa zimene mwaphonya m'mayeso akale zokha. Mlungu womaliza musapangenso kadi. Tsegulani maenvelopu onse atatu, sakanizani, mudutsemo kawiri pa masiku osiyana, ndipo amene mwalakwa pa ulendo wachiwiriwo ndi okhawo oti muwaone dzulo lake la mayeso.

Mukamaliza makadi 20 oyamba a Pulani A, B ndi C, nditumizireni asanu amene mukuwakayikira kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiwaone musanapitirire ku mutu wa chibayo.

Ndine mphunzitsi wanu.